Invoyisi ndi ya K1,200,000, koma zanu ndi zingati?

Munthu wolembedwa ntchito, mwezi ukatha, amalandira kapepala kosonyeza malipiro ake onse pamwamba, msonkho pansi pake, kenako penshoni, ndipo kumapeto ndalama yomwe ilowe kubanki. Masamu onsewo amamuchitira a ku ofesi ya zachuma. Wojambula zithunzi, womasulira mabuku, wokonza makompyuta, wolemba malipoti a mabungwe ndi ena onse odzilemba okha ntchito alibe wowachitira zimenezi. Iwo amaona nambala imodzi yokha, ija adalemba pa invoyisi, ndipo mtima umayamba kuigawa ndalamayo isanafike: lendi, fizi ya mwana, malata a nyumba ya kumudzi.

Vuto ndi lakuti nambala ya pa invoyisi ili ngati mpukutu wa ndalama uli m'manja mwa kondakitala wa minibasi dzuwa likamalowa. Ndi wonenepa ndithu, koma muli za mafuta, muli za mwini galimoto, muli za dalaivala. Zake zenizeni zimadziwika akamaliza kupatula za enawo. Mu invoyisi namonso muli eni ake angapo, ndipo ena mwa iwo sabwera kudzaitanitsa tsiku lomwelo. Boma limabwera pakapita miyezi. Ukalamba umabwera pakapita zaka. N'chifukwa chake gawo lawo limadyedwa mosavuta.

Tiyeni titsatire invoyisi imodzi mpaka tione chotsala. Tiyerekeze kuti mayi wina wa ku Lilongwe, yemwe amadya za kamera, waitanidwa ndi bungwe lina kukajambula msonkhano wa masiku atatu ku Salima. Agwirizana K1,200,000. Manambala a mayiyu ndi ongoyerekeza, koma malamulo omwe tiwagwiritse ntchito ndi enieni.

Choyamba kuchoka si msonkho ayi, koma ndalama zomwe mayiyu waononga kuti ntchitoyo itheke. Thiransipoti yopita ndi kubwerera, malo ogona, chakudya, mnyamata womunyamulira zida ndi kumugwirira magetsi, ndi lenzi yomwe wabwereka kwa mnzake, zonse pamodzi zakwana K280,000. Izi sizivuta kuwerenga ngati munthu amasunga malisiti. Zovuta ndi zija zosaoneka kuti ndi za ntchito iti: bandulo ya intaneti ya mwezi ndi mwezi, mapulogalamu okonzera zithunzi, mayunitsi oimbira makasitomala, komanso kamera ndi laputopu zomwe zikutha pang'onopang'ono ngakhale lero zikugwira bwino. Mayiyu akaphatikiza zonsezi zimamukwanira K1,800,000 pachaka, ndipo mainvoyisi ake onse pachaka amakwana K18,000,000. Ndiye kuti pa K100 iliyonse yomwe walemba pa invoyisi, K10 ndi yoyendetsera bizinesi. Pa ntchito ya ku Salima, gawo limeneli ndi K120,000.

Tikachotsa K280,000 ndi K120,000, patsala K800,000. Limeneli ndiye phindu, ndipo masamu a msonkho ndi a penshoni ayambira apa.

Msonkho wodulidwa ndi msonkho weniweni

Apa ndi pamene ambiri amasokonekera, choncho tichedwepo.

Bungwe kapena kampani ikamalipira munthu fizi ya ntchito ya luso, lamulo limaiuza kuti idulepo 20 peresenti n'kuitumiza ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Papepala la malipiro ndalamayi imalembedwa kuti WHT. Pa invoyisi yathu adula K240,000, ndipo mu akaunti ya mayiyu mulowa K960,000. Anthu ambiri akaona zimenezi amati msonkho atha nawo. Ena amadandaula kuti abedwa. Onse awiri akulakwitsa. Ndalama yodulidwayo ndi yoperekeratu chabe, yosungidwa pa dzina lanu, ndipo chaka chikatha imachotsedwa pa msonkho wanu weniweni. Msonkho weniweniwo suwerengedwa pa invoyisi, umawerengedwa pa phindu la chaka chonse, potsata magawo omwewo omwe amagwira munthu wapantchito.

Magawo amenewa amasintha nduna ya zachuma ikawerenga bajeti, kotero amene akuchita masamu ake ayenera kutenga a chaka chomwe ali. Pano tigwiritsa ntchito omwe adayamba mu Epulo 2024. Pamwezi, K150,000 yoyamba inalibe msonkho, K350,000 yotsatira inkadulidwa 25 peresenti, kuchoka pa K500,000 kufika pa K2,550,000 kunali 30 peresenti, ndipo kupitirira apo 35 peresenti.

Mayi wathu phindu lake pachaka ndi K12,000,000, chifukwa pa K18,000,000 ija, K6,000,000 imapita ku zoonongera zonse. Tikawawerengera pachaka magawo aja, K1,800,000 yoyamba siikhudzidwa. Pa K4,200,000 yotsatira boma litenga K1,050,000. Pa K6,000,000 yotsalayo litenga K1,800,000. Msonkho wonse ndi K2,850,000, kutanthauza kuti pa K100 iliyonse ya phindu, pafupifupi K24 ndi ya boma. Pa phindu la ku Salima la K800,000, gawo la boma ndi K190,000.

Taonani tsono. Adamudula K240,000 pomwe msonkho woyenera ntchito imeneyi ndi K190,000. Pali K50,000 yake yomwe ili ku MRA. Siinatayike, koma lero sangagulire ufa.

Kumene ibwerere ndi ku ntchito za makasitomala osadula msonkho. Banja likamuitana kukajambula ukwati wa K600,000, akomiti ya ukwati amamupatsa yonse, ena mpaka pamanja. Ngati phindu la ukwatiwo ndi K400,000, msonkho wake ndi K95,000, ndipo palibe amene waupatula. Mayiyu achotsepo K50,000 yomwe ili kale ku boma, aike pambali K45,000. Ndalama ya ukwati ndiyo yoopsa kwambiri pa nkhani ya msonkho, chifukwa imabwera yathunthu ndipo imaoneka ngati yonse ndi yako. Ngati theka la makasitomala a mayiyu ndi mabungwe odula, pachaka amudula K1,800,000, ndipo K1,050,000 yotsalayo ayenera kuipeza yekha. Ikanakhala kuti onse amadula, bwenzi atamudula K3,600,000, yoposa msonkho wake ndi K750,000, ndipo nkhawa yake ikanakhala yoitanitsa yapamwambayo. Anthu awiri opeza ndalama zofanana akhoza kukhala wina ndi ngongole ku boma, wina boma lili ndi ngongole kwa iye, kutengera mtundu wa makasitomala awo basi.

Zonsezi zimaimira pa mapepala awiri. Loyamba ndi TPIN, nambala yanu ya msonkho, yomwe iyenera kukhala pa invoyisi iliyonse. Lachiwiri ndi satifiketi yosonyeza kuti kasitomala wakudulani zingati. Popanda umboni woti K240,000 ija idafika ku MRA pa nambala yanu, ndalamayo simungaiwerengere, ndipo mukhoza kulipira kawiri. Satifiketiyo muiitanitse sabata yomwe mwalipidwa, wa ku akaunti asanaiwale nkhope yanu, ndipo muzilowa pa Msonkho Online kukaona ngati zodulidwazo zikuoneka. Malisiti nawonso ndi ndalama. Kwa munthu yemwe wafika gawo la 30 peresenti, risiti ya K100,000 ikatayika ndiye kuti K30,000 yapita, chifukwa zoonongera zopanda umboni zikhoza kukanidwa n'kuwerengedwa ngati phindu. Mnyamata wonyamula zida alibe buku la malisiti, koma akhoza kusayina kapepala koti walandira.

Boma silidikiranso chaka kuti chithe. Wabizinesi amayenera kumaperekeratu msonkho miyezi itatu iliyonse, pasanathe masiku 25 chigawocho chitatha, ndipo zoperekeratuzo pamodzi ziyenera kufika 90 peresenti ya msonkho wa chaka chonse. Fomu ya chaka imaperekedwa pasanathe masiku 180 chaka cha bizinesi chitatha. Choncho ndalama ya msonkho si yoibwereketsa kwa mlamu wanu yemwe akuti abweza akagulitsa soya.

Pali gulu lina lomwe masamu awa amalipweteka mosiyana. Mphunzitsi wa ku koleji kapena wogwira ntchito m'boma yemwe amagwira timaganyu ta kumbali asagwiritse ntchito K24 pa K100 ija. Gawo lopanda msonkho lidathera kale pa malipiro ake a pamwezi, choncho phindu la ganyu limakwera pamwamba pa malipirowo n'kudulidwa pa mlingo wapamwamba womwe wafika. Ngati ali pa 30 peresenti, zomwe kasitomala wadula kawirikawiri sizikwanira, makamaka pa ntchito zosafuna zoonongera zambiri monga kulemba kapena kumasulira.

Ya penshoni ndi yachidule kuifotokoza, ngakhale ndiyo yovuta kuichita. Kuyambira mu 2011, lamulo la dziko lino limakakamiza olemba anthu ntchito kusonkha 10 peresenti ya malipiro a wantchito ku thumba la penshoni, ndipo wantchitoyo amaonjezerapo 5 peresenti. Wodzilemba yekha ndi bwana komanso wantchito, ndiye kuti akafuna kufanana ndi mnzake wa muofesi ayenera kutulutsa 15 yonseyo. Pa phindu la K800,000 ndi K120,000. Lamulo latsopano la penshoni la 2023 lidatsegula mpata woti munthu azisonkha mwa kufuna kwake, ndipo makampani monga NICO ndi Old Mutual ndi ena mwa oyendetsa matumba a penshoni m'dziko muno. Ena amasankha mabondi a boma, masheya kapena poloti, poopa kuti kwacha idzakhala itatha mphamvu. Mantha amenewo ndi omveka, ndipo sinditsutsa. Chomwe ndikanakana n'chakuti ndalama ya ukalamba ikhale pa Airtel Money kapena pa Mpamba, pomwe chala chimafika usiku maliro akagwa. Kwina kulikonse komwe kuitapa kumafuna fomu ndi masiku angapo kuli bwinoko.

Kudikira kuli ndi mtengo

Tafika pa gawo lomwe silipezeka pa kapepala ka malipiro ka munthu wapantchito, ndipo n'chifukwa chake ambiri saliwerengera n'komwe.

Pa mgwirizano wa ku Salima padalembedwa kuti malipiro adzabwera pakatha masiku 30. Tinene kuti abwera pakatha masiku 120. Mayiyu ataimba koyamba auzidwa kuti invoyisi ili kwa abwana. Ataimba kachiwiri amva kuti wosayina wachiwiri ali ku fildi. Kachitatu akuti akudikira ndalama kuchokera kwa opereka thandizo. Palibe amene wamukana, ndipo pamapeto alandiradi K960,000 yake osaperewera tambala. Komabe wataya ndalama, ndipo zingathe kuwerengedwa.

M'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu m'Malawi inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka. Kugawa ndi miyezi 12, ndi K2.50 pa K100 iliyonse pamwezi. Miyezi itatu yochedwayo yadya K7.50 pa K100, ndipo pa K960,000 imeneyo ndi K72,000. Shuga, mafuta ophikira ndi thiransipoti zomwe akanagula mu Juni akuzigula mu Seputembala pa mtengo wina. Kwa munthu wogula zida kunja nkhaniyi imatha kukula tsiku limodzi. Mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo dola ya kubanki idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Lenzi ya madola 500 yomwe inali K590,000 idasanduka ya K850,000. Amene adalemba invoyisi mu Okutobala chaka chimenecho n'kulipidwa mu Januwale adalandira nambala yomweyo, koma osati ndalama yomweyo.

Mbali yachiwiri ndi ya makasitomala omwe salipira n'komwe. Pano sipafunika kulota, buku lanu lomwe likuuzani. Mayiyu akabwerera m'mbuyo apeza kuti pa K18,000,000 ya chaka chatha, K720,000 siidabwere: akwati ena adatenga zithunzi n'kuzimitsa foni, kampani ina yaing'ono idatseka. Imeneyo ndi K4 pa K100. Sangadziwe kuti chaka chino amudyere ndi uti, choncho invoyisi iliyonse isenzeko pang'ono. Ya ku Salima isenza K48,000. Chowawa china n'chakuti lamulo la msonkho limawerenga ndalama yomwe mwaigwirira ntchito ngakhale isanalowe m'thumba. Ngongole yoti yafa imachotsedwa pa phindu pokhapokha mutasonyeza kuti yafadi, ndiye makalata ndi mauthenga oitanitsira aja ndi osunga.

Kuphatikiza K72,000 ndi K48,000 tapeza K120,000, yomwe ndi K10 pa K100 ya invoyisi. Ndalama imeneyi iikidwe mu akaunti yakeyake. Ntchito yake ndi kulipirira zoonongera za ntchito yotsatira komanso kudyetsa pakhomo m'miyezi yomwe mainvoyisi atatu onse "ali kwa abwana". Chaka chikatha makasitomala atalipira bwino, yotsalayo ndi yanu, mudye.

Kufunika kwa akaunti imeneyi kumaoneka tikaona zomwe zimachitika ikasowa. Tinene kuti mayiyu analibe K280,000 yopitira ku Salima ndipo adakatenga ku banki m'khonde komwe chiwongoladzanja ndi 20 peresenti pamwezi. Mwezi uliwonse ngongoleyo ikubala K56,000. Akanalipidwa pa masiku 30, bwenzi ataluza K56,000 yokha. Pa miyezi inayi yabala K224,000, osawerengera zilango. Ntchito yomweyo, kasitomala yemweyo, koma mbali yaikulu ya zake yapita kwa anzake a m'gulu, omwe adzagawana mu Disembala. Za katapila tisanene n'komwe. Pa ndalama zonse zomwe tawerenga m'nkhani ino, iyi ndiyo yopweteka kwambiri, komanso ndiyo yopeweka mosavuta: kupempha dipoziti yokwanira zoonongera musanakwere basi. Mabungwe ambiri sapereka theka, koma kulipiriratu thiransipoti ndi malo ogona, kapena kukukwezani pa galimoto yawo, si zachilendo kwa iwo. Woopa kupempha ndiye amakongoza bungwe ndalama yake popanda chiwongoladzanja, iye akulipira chiwongoladzanja kwina.

K10 pa K100 si ya kasitomala aliyense. Amene wapereka theka poyamba ndipo amamaliza tsiku lolandira ntchito, K3 ikwana. Amene mbiri yake ndi ya miyezi isanu ndi umodzi afunika K15 kapena kuposa, ndipo nzeru ndi kuiika pa kotesheni pomwepo, kuti kuchedwa kwake alipire yekha. Wochedwa amadziwika msanga. Amakuitanani Lachisanu madzulo kuti Lolemba muyambe, mapepala tidzakonza pambuyo. Alibe LPO, kalata ija yosonyeza kuti ofesi ya zogula yavomereza ntchitoyo ndipo ndalama yake ilipo. Mukafunsa dzina la munthu wa ku akaunti amati musadandaule, ndithana nazo ine. Kunena zoona, kuchedwa kwina timakuchititsa tokha. Invoyisi yopanda TPIN, yopanda nambala ya LPO, kapena yolembedwa dzina losiyana ndi la pa akaunti ya kubanki imagona m'tireyi milungu itatu popanda wokuuzani, ndipo mukaikonza masiku 30 aja amayambanso pa 1.

Tsopano tiphatikize. Pa phindu la K800,000 tachotsa K190,000 ya msonkho, K120,000 ya penshoni ndi K120,000 ya kudikira. Zotsala ndi K370,000. Mwa imeneyi, K50,000 ili ku MRA, ndiye yomwe mayiyu angatape lero n'kupita nayo kumsika ndi K320,000. Mukhoza kutsimikiza poyambira ku mbali ina: pa K960,000 yomwe idalowa kubanki chotsani K280,000, kenako K120,000 katatu, mupeza K320,000 yomweyo.

Invoyisi ya K1,200,000 yasiya K370,000. Pa K100 iliyonse, zake ndi K31.

Woona kunja amati mayiyu amalandira K400,000 patsiku, poti msonkhano unali wa masiku atatu. Koma panali tsiku lokonza kotesheni ndi kukambirana, tsiku la ulendo, masiku anayi osankha ndi kukonza zithunzi, ndi maola oimba foni ndi kupita ku ofesi kukaitanitsa omwe akaphatikizidwa akwana tsiku lathunthu. Masiku ndi khumi, ndipo tsiku lililonse lamupatsa K37,000. Si zochepa poyerekeza ndi zomwe Amalawi ambiri amapeza, koma ndi moyo wosiyana kwambiri ndi womwe abale ake amaganiza akamva za miliyoni.

Nambala ya K31 pa K100 ili ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kudziikira malipiro. Pa K18,000,000 ya pachaka, zake ndi K5,550,000, kapena K462,500 pamwezi. Akhoza kumadzilipira K460,000 tsiku limodzi lokhazikika mwezi uliwonse kuchokera mu akaunti ya bizinesi, kaya mweziwo mwalowa mamiliyoni atatu kaya simunalowe kanthu. Lendi ya nyumba ndi sukulu ya ana zisankhidwe poyang'ana K460,000 imeneyi. Kupatulako kuchitike tsiku lomwe uthenga wa kubanki walira pafoni, chifukwa ndalama yomwe yagona sabata mu akaunti imodzi ndi ya ndiwo imakhala itapeza kale ntchito.

Yachiwiri ndi pa nthawi yonenerera. Kasitomala akati, "Mayi, tatsitsaniko pang'ono, bajeti yathu ndi miliyoni imodzi," K200,000 yochotsedwayo imamveka yaing'ono, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a mtengo. Koma basi ya ku Salima sitsitsa mtengo, mnyamata wa zida satsitsa, intaneti sitsitsa. Zomwe zimatsika limodzi ndi mtengo ndi msonkho, penshoni ndi gawo la kudikira basi. Popeza mayiyu ali kale m'gawo la 30 peresenti, pa K100 iliyonse yomwe wasiya boma liluza K30, penshoni K15, akaunti ya kudikira K10, ndipo iye mwini K45. Pa K200,000, m'thumba mwake muchoka K90,000, pafupifupi kota ya K370,000 yake, kuonjezera pa K30,000 yomwe ukalamba wake wamanidwa. Ngati ntchitoyo akuifunabe, potsitsa mtengo atsitsenso china. Ajambule masiku awiri m'malo mwa atatu, kapena bungwe limunyamule ndi kumugoneka, kapena avomere miliyoniyo pokhapokha theka lilowe asananyamuke. Njira yachitatuyi yokha ikhoza kutsitsa gawo la kudikira kuchoka pa K10 kufika pa K3 pa K100, zomwe pa invoyisi ya miliyoni zikumubwezera K70,000 mwa K90,000 ija.